Pendulamu dzulo yati inde, lero yati ayi: ndimve ziti?

Thoko wa ku Joni
Moni nonse. Nthawi zambiri ndimangowerenga pagulu pano, koma lero ndithandizeni maganizo. Ndili pachibwenzi ndi mnyamata wa ku Zomba, tatha zaka zitatu, ine ndili kuno ku Joni. Miyezi yapitayi wayamba kuzizira. Uthenga amayankha mawu awiri basi, foni nthawi zina imangoitana. Mnzanga amene timakhala naye ali ndi pendulamu, kamwala kosongoka kunsi komangirira ku katcheni. Anandionetsa kuti kakamapita kutsogolo ndi kumbuyo ndiye inde, kakamapita uku ndi uku ndiye ayi. Dzulo usiku ndinafunsa kuti kodi amandikondabe, kanati inde. Ndinafunsa kuti adzandikwatira, kanati ayi. Lero m'mawa ndafunsanso mafunso omwewo ndipo mayankho atembenuka: akuti sandikonda koma adzandikwatira. Mutu waima. Ndikhulupirire a usiku kapena a m'mawa?

Mayi a Upile
Achemwali, mwala wake ndi wamtundu wanji? Pa nkhani za chikondi anthu amagwiritsa ntchito kamwala kofiirira kowala kaja. Komanso poti ndi wa mnzanu, munayamba mwautsuka ndi madzi a mchere? Wanga sunandinamizepo. Unandiuza kuti bambo a kunyumba abwerera ndipo patapita miyezi iwiri anabwereradi.

Dalitso
Mwala ulibe mlandu apa. Chinthu chimene chili ndi mayankho awiri okha chimalondola theka la nthawi zonse ngakhale chisadziwe kanthu. Mukanaponya ndalama m'mwamba bwenzi zili chimodzimodzi. Mayi a Upile, bambowo akanapanda kubwerera simukanabwera pano kudzatiuza za mwalawo.

Anaphiri
Thoko mwanawanga, pepa ndi zimene ukudutsamo. Ine ndimayala makadi a taroti, makadi a zithunzi amene timawerengapo za moyo wa munthu, kuno ku Manchester ndipo pendulamu ndili nayo, choncho zonse ziwiri ndimazidziwa m'manja mwanga. Ndiyambe ndi achimwene a Dalitso. Mwalondola mbali imodzi, koma pendulamu si ndalama yoponya. Ndalama siidziwa chimene mtima wanu ukufuna, pomwe pendulamu ili m'dzanja la munthu amene akufunsayo, ndipo dzanjalo ndi limene limaiyendetsa. Munthu sachita dala ayi. Ukamaganizira kuti kamwala kapita kutsogolo, timinofu ta m'zala ndi m'mkono timagwedezeka pang'ono kwambiri moti sungamve. Katcheni ka masentimita 20 kamapita ndi kubwerera pasanakwane sekondi imodzi, ndipo timagwedezo timeneti tikamagwirizana ndi kayendedweko timaunjikana. Zili ngati mwana pa katungwe: sumukankha mwamphamvu, umangomukhudza pa nthawi yoyenera, posakhalitsa ali m'mwamba.

Izi zinadziwika kalekale. Katswiri wina wa ku Falansa, Michel Chevreul, anayesa ndi mphete yachitsulo yomangirira ku ulusi. Ataika chochirikiza pansi pa mkono wake n'kumachisendezera ku zala, kugwedezeka kunachepa. Atamangidwa m'maso osaonanso mpheteyo, inasiya kuyankha. Analemba zimenezi mu 1833.

Ndiye Thoko, za usiku ndi za m'mawa zonse zachokera kwa iwe. Usiku mwina unali utamusowa koma ukuopa za ukwati. M'mawa unadzuka ndi mtima wina. Kamwalako kanakuonetsa iweyo kawiri, za mnyamatayo sikanakhudze.

Mayi a Upile
Anaphiri, ine dzanja langa siligwedezeka. Ndimatsamiritsa chigongono patebulo.

Anaphiri
Chigongono chikhoza kukhala phee koma zala zikugwira ntchito. Yesani izi, sizifuna ndalama. Tengani makadi wamba a juga 20, ofiira 10 ndi akuda 10, musakanize bwino, muwavundikire. Pa khadi lililonse funsani kuti kodi ndi lofiira, lembani yankho, musatembenuze mpaka onse atatha. Mwamwayi chabe munthu amapeza pafupifupi 10. Kupeza 15 kapena kuposa mwamwayi kumachitika pafupifupi kawiri pa maulendo 100. Kenako bwerezani makadi ali chagada mukuwaona, mudzaona mmene ikuyankhira mosakayika. Kusiyana kwa maulendo awiriwo kukuuzani kumene yankho likuchokera.

Thoko wa ku Joni
Ndamva amayi. Koma ngati ndi choncho, makadi akusiyana pati? Nawonso ndi ine ndemwe ndikusakaniza.

Anaphiri
Funso labwino. Sindikuuza kuti makadi ali ndi maso oona ku Zomba. Kusiyana kwake kuli pa funso lenilenilo. Taona funso lako loti amandikondabe. Mkati mwake muli mafunso angapo amene waamanga mtolo umodzi. Kodi amakuganizira? Kodi ali wokonzeka kutuma akwawo kwanu? Kodi kuli wina? Kodi kuzizirako ndi kwa iwe kapena kuli vuto limene akuchita nalo manyazi? Mwamuna akhoza kukukonda ndithu koma osafuna ukwati chaka chino. Akhozanso kufuna ukwati pa zifukwa zimene si chikondi. Inde mmodzi sanganyamule zonsezi. Ngakhale pendulamu ikanakhala yoona zenizeni, inde wakeyo sukanadziwa kuti wayankha funso liti mwa anayiwa. Komanso siingakuuze chifukwa, ndipo chimene chikukusowetsa tulo ndi chifukwacho.

Chinanso, pendulamu imangoyenda m'njira imene iwe walambula. Siingabweretse nkhani imene sunaiganize. Ukafunsa za mkazi wina ikuyankha za mkazi wina, ngakhale vuto litakhala ngongole.

Kuyala makadi kumamasula mtolo uja. Malo aliwonse patebulo ali ndi funso lakelake, ndipo khadi logwera pamenepo lili ndi chithunzi chimene sunasankhe. Paketi ya taroti ili ndi makadi 78. Pali 22 akuluakulu, ndipo 56 otsalawo agawidwa m'mabanja anayi: zikho, ndodo, malupanga ndi ndalama. Zikho nthawi zambiri timaziwerenga pa za mumtima, ndodo pa chilakolako ndi ntchito, malupanga pa maganizo ndi mikangano, ndalama pa chuma ndi za pakhomo. Ukafunsa za chikondi n'kugwa makadi a ndalama okhaokha, wayamba kale kufunsidwa funso limene sunabwere nalo.

M'bale Yohane
Ine ndilankhule mosabisa monga Mkhristu. Kaya ndi kamwala kaya ndi makadi, konseko ndi kuombeza, ndipo Deuteronomo 18 akuletsa. Mlongo Thoko, gwadani pansi mupemphere, kenako mukambirane ndi akuluakulu a kumpingo kwanu. Sindikunyoza aliyense, koma mtima wanga sukanandilola kungodutsa.

Anaphiri
Zikomo abale a Yohane, ndikulemekeza chikhulupiriro chanu, ndipo ngati Thoko chikumbumtima chake chikumuletsa asiye lero lomwe. Ine sindiitana mizimu. Makadiwa anayambira kumpoto kwa Italiya m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera a patebulo, ndipo zowayala pofuna kudziwa za moyo wa munthu zinadzatchuka ku Falansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Alipo owerenga amene amati pali mphamvu ina imene imasankha makadi. Pamenepo timasiyana ngakhale ife tokhatokha.

Thoko wa ku Joni
Abale a Yohane ndamva ndipo ndikupemphera ndithu. Amayi Anaphiri, mnzangayu makadi ali nawo, a zithunzi aja. Ndiyale bwanji? Pa intaneti ndikuona za makadi 10 oyalidwa ngati mtanda.

Anaphiri
Mtanda wa makadi 10 usiye kaye, kwa woyamba kumene umangochulutsa phokoso. Yala asanu pamzere. Usanasakanize lemba papepala tanthauzo la malo aliwonse, kuti usadzasinthe ukaona khadi losakusangalatsa. Loyamba ndi mmene iwe ulili pachibwenzichi. Lachiwiri ndi mmene iye akuonekera kwa iwe. Lachitatu ndi chimene chikukumangani pamodzi. Lachinayi ndi chimene chaima pakati panu. Lachisanu ndi kumene zikulowera ngati palibe amene asinthe kanthu. Funso lisakhale la inde kapena ayi. Nena kuti, kodi pakati pa ine ndi uje pakuchitika chiyani? Yala kamodzi kokha. Makadi ogwa chozondoka ungowatembenuza, zimenezo n'za mtsogolo. Ukatero undiuze zimene ukuona pa chithunzi chilichonse, usanatsegule kabuku ka matanthauzo.

Dalitso
Ine ndikhala pompano ndione.

Thoko wa ku Joni
Ndayala. Loyamba ndi malupanga 2: mkazi wakhala pampando womangidwa m'maso, wanyamula malupanga awiri mopingasa pachifuwa, kumbuyo kwake kuli nyanja. Lachiwiri ndi ndalama 4: bambo wakumbatira ndalama imodzi, ina ili pamutu, ziwiri waziponda. Lachitatu ndi zikho 6: ana awiri, wamkuluyo akupatsa wamng'ono chikho chokhala ndi duwa. Lachinayi ndi ndodo 10: munthu wawerama ndi mtolo wa ndodo, sakuona n'kutsogolo komwe. Lachisanu landiopsa. Ndi zikho 8: munthu wavala chofiira, ndodo m'manja, wafulatira zikho akupita kumapiri usiku. Ndiye kuti akundisiya eti?

Anaphiri
Dekha, usathamangire lachisanu. Paketi yakoyo ndi ya zithunzi zimene anajambula Pamela Colman Smith, inatuluka ku London mu 1909, ndipo ubwino wake ndi woti khadi lililonse lili ndi chithunzi chimene ungachiwerenge ndi maso.

Tiyambe ndi iwe. Mkazi womangidwa m'maso uja palibe amene akumugwira. Manja ake atanganidwa ndi kutchinga pachifuwa, n'chifukwa chake sangamasule nsaluyo. Khadi limeneli timaliwerenga ngati munthu amene waima pakati pa zinthu ziwiri ndipo akuzengereza kusankha poopa chimene angaone. Ndikufunse: pali funso limene ukudziwa kuti uyenera kumufunsa mnyamatayu koma ukulizemba?

Lachiwiri ndi lachinayi tiwaone limodzi. Pamalo a iye sipanagwe chikho kapena lupanga, pagwa munthu wogwira ndalama mwamantha. Pamalo a chopinga pagwa katundu wolemera. Palibe chithunzi cha munthu wachitatu apa. Sindikunena kuti kulibe mkazi wina, makadi sangatsimikize zimenezo. Ndikungoti zimene zili patebulozi zikutifunsa za ndalama ndi za mtolo. Pakati panu nkhani ya ndalama ikuyenda bwanji? Ndani akusenza ndani?

Lachitatu ndi lokoma koma lili ndi funso lake. Ana aja ndi chikumbukiro, zakale, kwathu. Chimene chikukumangani ndi zimene munali. Kodi m'chaka chapitachi mwapanga chatsopano chotani awirinu?

Tsono lachisanu. Taonanso bwino, munthuyo watifulatira, nkhope yake sitikuiona. Wanena kuti ndi iyeyo, koma akhoza kukhala iwe. Zikho zimene akusiyazo zaima bwinobwino, sizinagwe. Ndi munthu wochoka mwakachetechete popanda ndewu chifukwa china chake chikusowa. Ndipo kumbukira zimene unalemba papepala: kumene zikulowera ngati palibe asinthe kanthu. Si chigamulo.

Thoko wa ku Joni
Amayi mwandiliza. Nkhani ya ndalama ilipo. Chaka chatha ntchito inamuthera, ndipo kuyambira pamenepo ndimatumiza mwezi ndi mwezi. Tinagwirizana kuti tiumbe njerwa timange pamalo a makolo ake. Nthawi zonse ndikafunsa kuti njerwa zafika pati amasintha nkhani. Kwathu sanatumeko munthu mpaka lero, malume anga akungondifunsa. Funso limene ndikuliopa ndi loti ndalama zija zilipo kapena zinadyedwa. Ndikuopa kuti ndikafunsa aona ngati ndikumunyoza poti sali pantchito. Kamwala kaja sindinakafunse zimenezi ngakhale kamodzi.

Dalitso
Pepani achemwali, nkhani yanu ndi yowawa ndipo sindikuipeputsa. Koma Anaphiri, tiyeni tinene chilungamo. Mtsikana ali ku Joni, mnyamata ali kumudzi. Ndani pagulu pano sakanaganiza za ndalama? Akanagwa makadi ena asanu mukanapezabe nkhani yogwirizana nawo. Chithunzi cha munthu wosenza katundu chimakwana pa chibwenzi chilichonse padziko lapansi. Amene wagwira ntchito apa ndi inu ndi mafunso anu, osati mapepalawo.

Anaphiri
Sindikutsutsani kwambiri achimwene. Palibe umboni woti makadi amalosera zam'tsogolo, ndipo aliyense wouza Thoko kuti makadi atsimikiza kuti ndalama zinadyedwa akumunamiza. N'zoonanso kuti zithunzizi ndi zotakata moti anthu ambiri amadzipezamo. Koma onani zimene zachitika. Masiku awiri ndi pendulamu anabwera ndi inde ndi ayi osemphana. Makadi asanu amutulutsa mawu amene anali atawatsekera. Inu mukuti ndi mafunso anga. Chabwino, koma mafunsowo ndawatenga pa zithunzi zimene sindinasankhe ine kapena iye. Pendulamu ilibe poti munthu angagwire n'kufunsa funso lotsatira.

Dalitso
Ndiye kuti mnzake wanzeru atakhala naye pansi ndi kapu ya tiyi akanachita zomwezo.

Anaphiri
Akanatha, ngati Thoko akanalola kumuuza. Anthu ambiri amayankha chithunzi mosavuta kusiyana ndi kuyankha munthu amene akuwayang'ana m'maso.

Chikondi wa ku Kepi
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Ine makadi anandipweteka kuposa pendulamu. Titasiyana ndi bambo wa mwana wanga ndinkapita kwa mayi wina kuno amene amayala pa ndalama. Ulendo uliwonse ankapeza khadi loti abwerera, ingodikira. Likagwa loipa ankakoka lina pamwamba pake kuti limveketse, mpaka litagwa labwino. Ndinadikira chaka chathunthu munthu atakwatira kale. Ndiye musamawayamikire kwambiri makadiwa.

Anaphiri
Pepa Chikondi, zimenezo zimachitika ndipo zimandipsetsa mtima. Mayiyo wayala makadi ambiri koma wawasandutsa pendulamu, chifukwa funso lake ndi limodzi lomwe lija, abwerera kapena ayi, ndipo akukoka mpaka apeze inde woti ubwerenso ndi ndalama. Zizindikiro zake n'zosabisika. Wowerenga akamakoka makadi owonjezera pa khadi loipa lokha osati pa labwino, akamakuuza motsimikiza zimene zili mumtima mwa munthu amene sali m'chipindamo, akamatchula tsiku, kapena akanena kuti pali tsoka limene angalichotse ukalipira zina, nyamuka. Ngakhale woyala wekha kunyumba, ukaona kuti wayala kachiwiri pa funso lomwelo usiku umodzi chifukwa zoyamba sizinakukomere, dziwa kuti sukufunanso kumva, ukufuna kutonthozedwa. N'chifukwa chake ndinamuuza Thoko kuti alembe malo papepala ndipo ayale kamodzi.

Ndipo pali nkhani zimene sindiyalira n'komwe. Mkazi akandiuza kuti akumenyedwa kapena akuopsezedwa, makadi ndimabweza m'thumba, timakamba za kumene angapeze chitetezo.

Mayi a Upile
Komabe ine pendulamu sinditaya. Pali owerenga ambiri amene amayala makadi kenako n'kutsimikiza ndi pendulamu pamwamba pa khadi. Mukuti onsewo akulakwitsa?

Anaphiri
Musataye mayi. Ili ndi ntchito yake, yaing'ono koma yeniyeni. Poti imatsata dzanja lanu, ifunseni za inu nomwe. Kodi ndikufunadi kumuimbira? Kodi ndikadali wokwiya? Nthawi zina imaonetsa kumene mtima wapendekera pamene pakamwa pakukana. Ngakhale pamenepo, chofunika kwambiri ndi mmene mwamvera yankho litabwera. Ikati ayi inu n'kukhumudwa, mwadziwa kale chimene mumafuna. Koma kuiika pamwamba pa zikho 8 za Thoko kuti inene ngati wochokayo ndi mnyamatayo, ingobweza mantha a Thoko n'kutseka funso limene khadilo latsegula.

Mayi a Upile
Apo sitigwirizana. Ine ndimamva mphamvu ikudutsa m'katcheni, si zala zanga. Za makadi 20 zija ndiyesa Loweruka mwana akapita kwa agogo ake, koma ngakhale zitalephera sindikuona kuti mtundu wa khadi ndi mtima wa munthu n'zofanana.

M'bale Yohane
Ine maganizo anga sanasinthe pa zida zonsezi. Koma pa mfundo yoti mlongoyu afunse mnyamatayo za ndalama ndi za ankhoswe, pamenepo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Mlongo, malume anu adziwe kuti mwakhala mukutumiza ndalama zomangira pamalo a eni ake musanalowe m'banja. Zikadzavuta, nyumba yomangidwa pamalo a makolo ake simudzainyamula.

Thoko wa ku Joni
Zikomo nonse. Malume sakudziwa za njerwazi, ndiwauza. Mnyamatayu ndimuimbira Lamlungu madzulo akaweruka ku mpira. Koma ndiyambe bwanji kuti asaone ngati ndikumuzenga mlandu? Ndikangotchula ndalama amatseka pakamwa.

Chikondi wa ku Kepi
Usayambe ndi ndalama. Mufunse kaye mmene iye akukhalira osagwira ntchito, umusiye alankhule. Kenako umuuze kuti Disembala ukubwera ndipo ukufuna mudzaone limodzi pamene pafika ntchito, akutumizire chithunzi cha njerwazo. Ngati zilipo atumiza tsiku lomwelo. Ndipo za makadi usamutchulire, angaganize kuti wapita kwa asing'anga kukamuombeza.

Dalitso
Ine monga mwamuna ndingoti mumupatse mpata wovomera popanda kuchita manyazi. Muuzeni kuti ngati zina zinapita ku chakudya kapena ku matenda anene, muwerengere limodzi zotsala. Ngati anadya ndi anzake kapena ndi mkazi wina, zimenezo zidzaonekera pa mmene ayankhire. Koma mwezi uno musatumize kaye mpaka chithunzicho chifike.